Kodi makoko a mango amadyedwa? Nanga n'chifukwa chiyani ena amatuluka zidzolo?

Nyengo ya mango ikafika kuno kunyanja palibe amene amafunsa kuti kwapsa chiyani. Kuyambira mu Novembala mpaka cha mu Januwale, ana amangokhala m'mitengo, amayi ali ndi mabeseni m'mbali mwa msewu, ndipo ngakhale asodzi pokwera bwato madzulo amaponyamo mango angapo oti akatafune usiku. Koma chaka chilichonse nyengo imeneyi imabwera ndi mkangano wake. Wina amati mwana asadye mango osasenda chifukwa makoko ake ndi poizoni. Wina amaseka n'kunena kuti iye wakula akudya ndi makoko omwe ndipo sanadwalepo. Pakati pa awiriwa pali mayi amene mwana wake wadzuka milomo itatupa, pachibwano pali timatuza, ndipo sakudziwa kuti apite kuchipatala kapena angodikira.

Tiyambe ndi yankho lalifupi. Makoko a mango amadyedwa, ndipo anthu ambiri sawachita kanthu. Ku India, kumene mtengo wa mango unachokera, amadula mango aawisi ndi makoko omwe popanga achali, ndipo ifenso tikamadya mango osapsa ndi mchere ndi tsabola sitisenda ayi. M'makoko muli zakudya zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino, muli vitamini C, komanso zina mwa zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A. Choncho amene amadya ndi makoko sakudzipha. Komanso amene amasenda sakutaya zambiri, pakuti vitamini C ndi vitamini A zilimo ndithu mu mnofu wachikasu uja. Makoko a mango ena ngowawa ndiponso olimba, makamaka a mitundu ikuluikulu ngati maboloma, ndiye munthu akawataya chifukwa sakumukomera palibe chomukakamizira.

Chimene timaopa kwambiri pa makoko si makokowo ayi, koma zimene zamatirira pamwamba pake. Mango ambiri timachita kutola pansi, pamalo pomwe mbuzi ndi nkhuku zadutsa, ndipo mvula yoyamba imakokolola zonyansa za m'tchire n'kuzisiya pansi pa mitengo yomweyo. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023 m'mene inavutira m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Chipatso chotola pansi chitsukidwe ndi madzi a pamjigo kapena othira kolorini, osati kungochipukuta pa malaya kapena kuchiviika m'mphepete mwa nyanja pomwe anthu akuchapira. Chimene chang'ambika pogwa, kapena chajegwedwa ndi mileme usiku, chisiyeni. Ndipo ngati mango achokera m'munda umene amapopera mankhwala a tizilombo, monga ambiri amene amalima mango a Kenti ndi Tomi ogulitsa, ndi bwino kutsuka n'kusendanso.

Tingonenapo pang'ono za malungo, popeza nkhani yake imatuluka nthawi zonse tikamakamba za mango. Mango, kaya aawisi kaya akupsa, sayambitsa malungo. Kungoti amapsa nthawi yomwe mvula yayamba ndipo udzudzu ukuswana m'zithaphwi. Mwana akatentha thupi m'nyengo ino, akayezedwe magazi, tisanamizire mango.

Tsopano tibwere ku zidzolo, pakuti apa ndi pamene pali nkhani. Mawu akuti "mango amuwenga" timawagwiritsa ntchito pa zinthu zitatu zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi chochita chake.

Choyamba ndi kupsa ndi utomoni. Mukathyola mango aawisi pafupi penipeni ndi chipatso, pamatumphuka timadzi toyera ngati madzi, kenako pamadontha tina tamkaka pang'onopang'ono. Timadzi toyamba tija tili ndi mafuta oluma amene amawotcha khungu la munthu aliyense, wowengedwa ndi wosawengedwa yemwe. Ndi utomoni womwewu umene umasiya mizere yakuda pa mango eni ake akakhala m'dengu. Ukakudonthera pamkono kapena pankhope umamva kuyaka nthawi yomweyo kapena patangopita maola ochepa, pamalopo pamafiira kapena kuda ngati wapsa ndi phala, ndipo chilondacho chimathera pomwe utomoni unagwera basi. Ana ambiri amene timawaona ndi zipsera zakuda m'mbali mwa milomo mu Novembala ndi amenewa: analuma mango aawisi cha kumutu, pomwe pali phesi. Zimenezi zimapola zokha pakatha masiku angapo, ngakhale chipsera chimachedwerapo kuchoka.

Chachiwiri ndiye kuwengedwa kwenikweni, kumene kumagwira anthu ena okha, ndipo kumasokoneza chifukwa kumachedwa kuonekera. Mtengo wa mango uli pa ubale ndi mtengo wa mbibu, uja umabala korosho, komanso ndi mfula. M'banja limeneli mulinso mtengo wina wa ku Japani umene utomoni wake amapakira ziwiya zamatabwa kuti ziziwala, ndi chomera china choyanga cha ku Amereka chimene eni ake amachitcha poizoni aivi, chotchuka ndi kuyabwa. Mafuta oyabwa a m'zomera ziwirizi amatchedwa urushiyolo. Mu mango muli mafuta apachibale nawo, ofanana nawo kwambiri kapangidwe kake moti thupi limene linadana ndi amodzi nthawi zambiri limadananso ndi enawo. Mafutawa amachuluka mu utomoni, m'masamba, m'khungwa la mtengo ndi m'makoko a chipatso. Amapezekanso pang'ono mu mnofu umene wagundana ndi khoko, koma mukalowa m'kati mwa chipatso amakhala ochepa zedi.

Mafuta amenewa pawokha sawotcha. Chimachitika n'chakuti amalowa m'khungu n'kumatirira ku tizigawo ta khungu lathu lomwe, ndiye asilikali a m'thupi, aja amatiteteza ku matenda, amaona ngati palowa mdani. Ulendo woyamba salimbana naye, amangomuzindikira n'kumusunga m'mutu, ndipo ntchito yozindikirayi imatenga sabata imodzi kapena ziwiri popanda munthu kuona chizindikiro chilichonse. Ulendo wotsatira mafuta aja akakhudzanso khungu, asilikali amasonkhana pamalopo n'kuyamba nkhondo, ndipo kutupa, kuyabwa ndi matuza n'zotsatira za nkhondo imeneyo. Kusonkhanako kumafuna nthawi. N'chifukwa chake zidzolo zimatuluka patapita theka la tsiku, tsiku limodzi, masiku awiri ngakhale atatu. Pofika nthawi imeneyo munthu waiwala kale za mango, ndipo akuganizira sopo watsopano, ndiwo za dzulo, kapena munthu amene anakangana naye kudooko.

Pamenepa ndi pamene pali yankho la funso limene timalimva kawirikawiri, lakuti "Inetu ndakhala ndikudya mango moyo wanga wonse, lero ndiye andiwenge bwanji?" Zimatheka ndithu. Thupi likhoza kukhala zaka zambiri osalabadira, kenako n'kudzazindikira mafutawa tsiku limene akhudza khungu ochuluka, monga munthu akagwira ganyu yothyola mango tsiku lonse, kapena akamasenda korosho ndi manja. Mafuta akuda a m'chikamba cha korosho ndi amphamvu kuposa a mango, ndipo amene anatupapo manja ndi korosho asadabwe mango akadzayamba kumuwenga. Thupi likazindikira, nthawi zambiri siliiwalanso, ndiye munthu wotere ayenera kusamala chaka ndi chaka.

Nanga bwanji m'nyumba imodzi wina atupe, wina ayi? Mbali ina ndi chibadwa, pakuti matupi athu sadana ndi zinthu mofanana. Mbali ina ndi njira imene thupi linakumanirana ndi mafutawa koyamba. Madokotala a khungu ku Israeli analemba mu 2005 za achinyamata amene ankathyola mango pamalo amodzi. Achinyamata 17 ochokera ku Amereka, kumene kuli poizoni aivi uja, anatuluka zidzolo, pamene anzawo a ku Israeli konko, amene anali asanakumanepo ndi chomeracho, sanatuluke kanthu. Madokotalawo anaganiza kuti amene thupi lake linayamba kudana ndi chomera choyabwacho kudzera pakhungu ndiye amadananso ndi mango, ndipo amene anayamba ndi kudya mango thupi lake limakhala ngati lawazolowera. Mwina n'chifukwa chake kuno kwathu, komwe mwana amayamba kuyamwa mango asanayambe kuyenda, owengedwa sachuluka kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa mango amene timadya. Koma alipo ndithu, ndipo sakunamizira.

Tiyeni titsatire mwana mmodzi tsiku ndi tsiku kuti tione m'mene zimayendera. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 12. Loweruka masana wakwera mumtengo, wathyola mango ongoyamba kupsa, wawaika m'malaya amene wavala, wadya atatu pong'amba makoko ndi mano, kenako wapukuta thukuta kumaso ndi dzanja lomwelo. Sanasambe mpaka madzulo. Usiku wagona bwinobwino.

Lamulungu madzulo akuyamba kukanda kukamwa. Lolemba m'mawa wadzuka milomo itatupa, pakhungu pozungulira kamwa ndi pachibwano pali tizidzolo tothithikana, tina tili ndi madzi. Chikope chimodzi chatupa moti diso likungotseguka pang'ono. Mayi ake aganiza kuti walumidwa ndi kachilombo usiku. Lachiwiri zidzolo zatulukanso pamimba ndi m'mikono, zina zili m'mizere ngati wakwapulidwa ndi kamtengo. Apa m'nyumba mwalowa mantha: akuti matenda akufalikira, ndiye amupatula pogona kuti asapatsire ang'ono ake.

Komatu sakufalikira. Malo onse amene atuluka zidzolo ndi omwe anakhudzidwa ndi mafuta Loweruka lija. Milomo ndi zikope zinayamba chifukwa khungu lake ndi lopyapyala ndipo mafuta analowa msanga. Pamimba pomwe panatsamira mango m'malaya, ndi m'mikono momwe munakhula masamba ndi nthambi, khungu ndi lokhuthalako ndipo mafuta anali ochepa, ndiye panachedwa. M'zikhato, momwe munagwira mango kwambiri, nthawi zambiri simutuluka kanthu chifukwa khungu lake ndi lochindikala, koma m'mipata ya zala mukhoza kuyabwa. Mizere ija ndi chizindikiro chabwino chakuti chinthu chochokera kunja chinakhula khungu, si matenda ochokera m'magazi. Madzi a m'matuza alibe mafuta a mango, ndipo sangapatsire munthu wina kapena mbali ina ya thupi. Chimene chingapatsire ndi malaya aja ngati sanachapidwe, mpeni umene wasendera mango, kapena nsalu imene anapukutira, pakuti mafutawa amakhalitsa pa zinthu. Ngati mnyamatayo wavalanso malaya omwewo Lachitatu, zidzolo zatsopano zidzatuluka Lachisanu ndipo aliyense adzati matenda akukula.

Zikasamalidwa, pofika kumapeto kwa sabata yoyamba matuza amayamba kuuma, kutupa kumaphwa, ndipo khungu limafundula. Zonse zimatha pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu. Pakhungu lathu lakuda pamatsala mawanga akuda kwambiri kwa miyezi ingapo, koma amazimirira okha. Atsikana ndi amayi asathamangire mafuta oyeretsa khungu chifukwa cha mawanga amenewa.

Mayi wa mnyamatayu achite chiyani? Chinthu chimene chikanathandiza koposa chinali cha Loweruka lomwe lija: kusamba ndi sopo msanga. Mafutawa amayamba kulowa m'khungu pakangopita mphindi zochepa, ndiye kusamba mkati mwa mphindi 10 kapena 15 kumachotsa ambiri, ndipo ngakhale patapita ola limodzi kumachepetsako. Madzi okha sakwanira chifukwa awa ndi mafuta, monga m'mene mbale ya nsomba yokazinga siyera popanda sopo. Kudumphira m'nyanja n'kutuluka si kusamba kumene tikunena. Pakhale sopo, thovu, ndi kutsuka m'zikhadabo momwe.

Zidzolo zikatuluka kale, sopo sangazibweze, koma zovala, nsalu ndi zofunda zichapidwe. Pamalo potupa muziikapo kansalu koyera konyowetsa ndi madzi ozizira kwa mphindi 15 kapena 20, katatu kapena kanayi patsiku. Mwanayo awengedwe zikhadabo. Kalamaini, mankhwala opaka aja oyera mofiirira, amaumitsa matuza ndi kuchepetsa kuyabwa. Mafuta a haidirokotizoni a 1 peresenti amathandiza pa zidzolo zazing'ono akapakidwa mopyapyala kawiri patsiku kwa masiku osapitirira 7, koma asalowe m'diso kapena m'kamwa, asapakidwe pachilonda chotseguka, ndipo kwa mwana wamng'ono yambani mwafunsa adokotala. Piritoni sachiza zidzolo za mtundu umenewu, ntchito yake yaikulu n'kuthandiza munthu kugona osakanda. Pachifukwa chomwecho, msodzi amene akulowa m'nyanja usiku asamwe piritoni, kapenanso wa kabaza amene akukagwira ntchito, chifukwa amaodzeretsa.

Zimene timaona anthu akupaka ndi zimene zimasandutsa vuto la masiku 10 kukhala la mwezi: phulusa, mankhwala otsukira mano, palafini, mandimu, mchere, kapena ufa wa m'makapisozi. Khungu lotupa kale likapakidwa zoluma limang'ambika, tizilombo n'kulowa. Matuza asabooledwe ndi minga kapena singano.

Kuchipatala pitani ngati maso atupa mpaka kutsekeka, ngati zidzolo zagwira nkhope yonse, kumaliseche kapena mbali yaikulu ya thupi, kapena ngati mwana akulephera kudya ndi kumwa chifukwa cha milomo. Zikafika apa adokotala amatha kupereka mapiritsi a puredinisoloni, amene ayenera kumwedwa monga mwa malangizo mpaka kumaliza, chifukwa kusiyira panjira kumabweza zidzolo. Amenewa si ogula nokha pa okala. Pitaninso ngati pazilondapo payamba mafinya kapena nkhanambo zachikasu ngati uchi wouma, ngati pakupweteka m'malo moyabwa, pakutentha, kapena thupi lonse latentha. Pamenepo ndiye kuti palowa tizilombo chifukwa chokanda, ndipo zilonda zoterezo ndi zimene zimapatsirana pakati pa ana. Mukafika auzeni adokotala za mango ndi tsiku limene mwana anawagwira, ngakhale sanakufunseni.

Si zidzolo zonse za m'nyengo ino zili za mango. Mphere zimayabwa kwambiri usiku, zimakonda m'mipata ya zala, m'chiuno ndi m'matako, zimagwira anthu angapo m'nyumba imodzi, ndipo sizitha pa masabata atatu popanda mankhwala. Timatuza timene timatuluka pamlomo munthu akadwala malungo kapena chimfine timakhala pamalo amodzi, timabaya ndi kupweteka osati kuyabwa. Palinso kachilombo kakang'ono kotalika, kakuda ndi kofiira, kamene kamabwera pa nyali nthawi ya mvula. Kakaphwanyidwira pakhungu kamasiya mzere wa matuza owotcha pakhosi kapena pankhope. Chothandiza kusiyanitsa ndi kufunsa mafunso awiri: kodi masiku atatu apitawa munthuyu anagwira mango, masamba ake kapena mtengo wake? Nanga zidzolozo zili pamalo pomwe panakhudzidwa?

Chachitatu ndi chosowa, koma ndicho choopsa, ndipo tikupempha kuti aliyense achidziwe. Pali anthu ochepa amene thupi lawo limadana ndi mnofu weniweni wa mango, osati mafuta a m'makoko. Kwa iwowa zizindikiro sizidikira mawa. Pakangopita mphindi zochepa, kawirikawiri ola lisanathe, m'kamwa ndi kukhosi mumayabwa, milomo ndi lilime zimatupa, thupi lonse limatuluka zotupa zazikulu ngati walumidwa ndi njuchi, ena amasanza, amabanika, mawu amasasa, kapena amachita chizungulire n'kukomoka. Munthu akayamba kubanika kapena kutupa lilime atadya mango, musadikire kuti tione m'mene kuchere. Pezani njinga yamoto kapena galimoto, athamangire naye kuchipatala, kumene amabaya jakisoni wa adirenalini. Piritoni yekha sangamupulumutse. Wachizungulire agonekedwe miyendo ili m'mwamba, wobanika akhale tsonga, ndipo asayendetsedwe wapansi. Munthu amene zamuchitikirapo zotere asadyenso mango, osenda ngakhale osasenda, ngakhale juwisi wake. Kusenda sikumuteteza.

Wowengedwa ndi makoko uja ndiye ali ndi mwayi, chifukwa ambiri a iwo akhoza kupitiriza kudya mango. Chofunika n'chakuti khoko ndi utomoni zisamukhudze. Wina amutsukire chipatso ndi sopo n'kuchitsukuluza bwino, adule kumutu kwa phesi n'kutaya, asende mozama ndithu osaumira mnofu wa pansi pa khoko, kenako atsuke mpeni ndi manja ake asanayambe kudula zidutswa. Mpeni umene wasendera ukalowa mu mnofu osatsukidwa umapaka mafuta aja pa chidutswa chilichonse, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa n'kumati "tinasenda koma watupabe". Wodyayo adye zidutswa zing'onozing'ono ndi supuni kapena foloko kuti zisakhule milomo, ndipo akatha asambe kukamwa ndi sopo. Tikudziwa kuti mango athu ang'onoang'ono a ulusi amakoma pofinya ndi kuyamwa pa kabowo, koma kadyedwe kameneko ndi komwe kamapaka khoko pamilomo kwa nthawi yaitali. Wowengedwa asankhe mango a mnofu wambiri odulika bwino. Ayambe ndi zidutswa ziwiri zitatu, adikire masiku atatu, aone ngati patuluke kanthu. Ngati watupabe ngakhale atasamala chonchi, angowasiya.

Kwa amene amathyola ndi kugulitsa, utomoni ukhoza kupewedwa pothyola pomwe. Mango akadulidwa ndi phesi lotalika ngati chala, utomoni sutumphuka. Mukafika nawo pansi, gwirani chipatso mozondotsa, mutu uloze pansi ndi kutali ndi nkhope, thyolani phesilo, ndipo chiikeni chozondoka chomwecho pa thandala kapena pa timitengo toyalidwa, pamthunzi, kwa mphindi 30 kuti utomoni udonthere pansi. Musachiimike padothi, chifukwa tizilombo toola timalowera pabala la phesi. Alimi ena akuluakulu amathyolera phesi m'madzi a laimu, magalamu 5 pa lita imodzi, kutanthauza magalamu 100 mu ndowa ya malita 20, n'kusiya mango m'menemo mphindi imodzi kapena ziwiri asanawatsukuluze ndi madzi oyera. Laimu amapha ukali wa utomoni, koma amaumitsa manja, ndiye pamafunika magolovesi. Phindu lake ndi la pawiri: khungu lanu silipsa, ndipo mango amafika pamsika opanda mizere yakuda imene imagwetsa mtengo. Kugenda ndi miyala ndi kugwedeza nthambi n'kumene kumawaza utomoni kumaso kwa amene wayang'ana m'mwamba. Ukalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri mosalekeza kwa mphindi 15, ndipo ngati likupwetekabe kapena silikuona bwino pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Amayi oyamwitsa amene amagulitsa mango asambe m'manja ndi sopo asananyamule khanda, ndipo nsalu yoberekera isakhale yomwe amafunditsira beseni.

Pali gulu lina limene siliganizira n'komwe za mango likatupa, chifukwa silinadye chipatso chilichonse. Mitengo ikuluikulu yachilengedwe itayamba kusowa, amisiri ambiri m'madooko mwathu amasema mabwato a mtengo wa mango, ndipo nthambi zotsala zimapita kowambira nsomba ndi kootchera njerwa. Mafuta aja ali m'khungwa ndi mu utomoni wa mtengo wauwisi. Mmisiri wowengedwa akasema tsiku lonse ali chifuwa pamtunda, tizipalapasa ndi utuchi zimamatirira pathukuta, ndipo pakapita masiku awiri amatupa m'khosi, m'mikono ndi m'zikope, ngakhale ndi mu Juni pomwe kulibe mango. Wotereyu avale malaya a manja aatali, ntchito yochotsa khungwa asiyire mnzake, ndipo akaweruka asambe ndi sopo asanakhale pansi kudya. Utsi wa nkhuni zaziwisi za mango ndi masamba ake umalumanso m'maso ndi pakhosi, ndipo kwa wowengedwa ukhoza kutupitsa nkhope. Amayi owamba nsomba amene amaona kuti amatupa zikope akagwiritsa ntchito nkhuni za mango, azichotsa khungwa n'kuziumitsa kaye mokwanira, asasonkhezere ndi masamba, ndipo aziima mbali imene mphepo ikuchokera. Ngati akutupabe, asinthane nkhunizo ndi mnzawo amene sizimuvuta.